Maibadi ya mwana wa achemwali ndi pepani wopanda mwini

Mwezi wathawu kunyumba kwathu kunavuta chifukwa cha mau awiri okha. Achimwene athu aakulu, amene amakhala ku Chilomoni, anapereka K45,000 kwa mwana wa achemwali kuti atumize pa foni kwa agogo ake kumudzi ku Chiradzulu, ya mankhwala ndi aganyu olima. Mnyamatayo ali ndi zaka 22, ndi wochangamuka ndithu, koma tsiku limenelo anali pa ajenti ku Ginnery Corner uku akucheza ndi anzake, anasemphanitsa manambala awiri akumapeto ndipo dzina litatuluka pa sikirini sanaliwerenge nkomwe, anangoti eya tumizani. Ndalama inapita kwa munthu wina amene anakatapa nthawi yomweyo, foni nkuzimitsa. Madzulo achimwene atafunsa kuti bwanji agogo akuti sanalandire kanthu, mwana anayang'ana risiti, nkuona pomwe zasokonekera, nkuyankha pa WhatsApp kuti "my bad", basi, ndi kachithunzi ka manja awiri ogundana kaja.

Achimwene anandiimbira foni akunjenjemera, akuti tamva iwe, mwana uyu ndalama wataya ndiye akundiuza za amayi ake, mayi badi ndiye kuti chani, amayi ake alowapo bwanji apa. Ndinaseka kaye, sindikana, kenako nkuwamasulira kuti ayi achimwene, ndi Chingerezi cha anyamata, akutanthauza kuti cholakwa ndi changa. Kumasulirako ndiye kunaonjezera moto. Akuti ndiye akudziwa kuti walakwa koma akunena ngati wandiponda chala mu minibasi?

Funso la achimwene ndi limene landikhazika pansi kuti ndilembe, chifukwa ndikuona kuti onse awiri anali ndi mbali imene anakhoza. Ndipo maganizo anga, amene ena muwakana, ndi akuti maibadi wa mnyamatayu anali ndi chilungamo chambiri kuposa mapepani ambiri amene akuluakulu timawalandira tsiku ndi tsiku nkumati koma ndiye munthu waulemu. Vuto lake linali kulemera, mau anali opepuka kuposa mlandu. Koma kuvomera kunalimo.

Tayambani mwamuyang'anitsitsa pepani wathuyu. Amaoneka ngati bwerani, khalani, imani, ndiye kuti akuloza kwa winayo, ndipo mulibe ndi- aliyense mkati mwake, mulibe ine. Mukamuuza munthu pepani simunanene kuti walakwa ndani. Nchifukwa chake mau omwewo timawagwiritsa pa ntchito ziwiri zosiyana kutalitali. Mayi akapunthwa pa mwala pa msika wa Limbe, tomato nkumwazika, anthu asanu amene sanamukhudze nkomwe amati pepani mayi. Pa maliro timafika nkugwira dzanja anamfedwa, pepani, pepani, ndipo ndalama imene timaponya m'mbale timaitchula chipepeso, palibe amene akuganiza kuti ndife tapha munthuyo. Kenako kondakitala akakuthirani matope pa thalauza ndi tayala lake la sipeya, naye akuti pepani bigi. Woyamba uja ndi chisoni, wachiwiriyu amayenera kukhala kuvomera kulakwa, koma khutu limamva chimodzimodzi. Anzathu a Chitumbuka nawo ali ndi phepani wao amene amayenda njira yomweyo.

Amene munakwerapo basi ya ku Dar es Salaam kukaoda katundu mukudziwa kuti Chiswahili chinazigawa ziwirizi. Munthu akagwa, akadwala, akaferedwa, ngakhale akangotopa ndi ulendo, amamuuza pole, ndipo iye amayankha asante. Koma ukamuponda iweyo, kapena wamulakwira, umati samahani kapena nisamehe, amene ndi ndikhululukireni. Ukaponda munthu ku Kariakoo mwamphamvu nkungoti pole, wamumvera chisoni inde koma sunapemphe chikhululuko, ndipo akafuna atha kukufunsa. Kwathu kuno mpata wofunsa umenewo kulibe chifukwa pepani waphimba zonse, ndiye munthu wochenjera amabisala momwemo. Amakupatsa pepani wa pamaliro pa mlandu umene wapalamula yekha, iwe nkumapita kwanu ukuganiza kuti wapepesedwa.

Sole wa Chingerezi, amene tinamubwereka kalekale mpaka ana a sukulu ya mkaka amati sole sole mnzao akagwa, ali ndi matenda omwewo. Mauwa pachiyambi chake mu Chingerezi chakale ndi apachibale ndi liu lotanthauza chilonda kapena kuwawa, ndiye sole kwenikweni akunena kuti zikundiwawa, osati ndalakwa. Ndipo kusiyana kumeneku maloya amakudziwa bwino moti ku Canada, chigawo cha Ontario chinachita kukhazikitsa lamulo mu 2009 lonena kuti munthu akapepesa, kupepesako kusatengedwe ngati umboni woti wavomera mlandu pa milandu ya chipukuta misozi. Anthu, makamaka madokotala ndi oyendetsa galimoto, amaopa kunena sole kuti mawa azikaimbidwa nayo mlandu. Ndiye lamulo linachita kuwamasula pakamwa.

Tsopano maibadi. Anachokera ku America, anafala ndi anyamata osewera basiketibo m'zaka za m'ma 1980, ndipo ukaganiza za komwe anabadwirako umamvetsa kulemera kwake. Waponya mpira molakwika, mnzako sanaugwire, masewero sakuima, ulibe nthawi yoti ugwade, umangodzimenya pachifuwa nkuti maibadi, kutanthauza kuti usamunene wina, ndine, tiyeni tizipita. Ndi mau a pakati pa anthu ofanana, pa cholakwa chimene chikonzedwe pa mphindi yotsatira. Ali ndi chimene pepani alibe, mwini wake wa cholakwa akutchulidwa poyera. Koma alibe chimene pepani ali nacho, sakuyang'ana nkomwe ululu wa winayo. Maibadi amatseka nkhani yekha, sadikira kuti wolakwiridwa ayankhe. Mu Chichewa wapafupi naye ndi uja timati ndaphonya, kapena aaa ndine aise, pa bawo kapena pa mpira wa pa Chiwembe. Sungamuuze malume ako choncho pa K45,000 ya agogo odwala. Amene anakhalako ku Joni amabwera ndi wina, asikisi, wochokera ku Chiafrikaans, nayenso ndi wa saizi yomweyo, wopempha njira mu takisi.

Ndiye ngati pepani payekha sanena kuti walakwa ndani, kulemera kwa kupepesa mu Chichewa kumakhala pati? Ine ndimati kumakhala mu mneni amene watsatira, ndipo apa chilankhulo chathu ndi chakuthwa kuposa mmene timachiganizira. Tengani tsinde limodzi lomweli la kulakwa muone masitepe ake. Zalakwika, apa palibe munthu, zinthu zangochitika zokha ngati mvula. Ndi chimodzimodzi mwana akati mbale yasweka, mayi aliyense amadziwa kufunsa kuti yasweka kapena waswa? Kenako ndalakwitsa, apa munthu waonekera koma akunena za chinthu, ndalakwitsa nambala, ndalakwitsa samu, ngati kuti wolakwiridwa ndi nambalayo. Kenako ndalakwa, apa ndiye wadziika yekha pa mlandu, palibenso chinthu chobisalako. Pamwamba penipeni pali ndakulakwirani, pomwe kachidutswa kaja -ku- ndi -ni kakulowetsa munthu amene wapwetekedwa mkati mwa mau, ine ndi inu tonse tili momwemo. Ukafika poti ndakulakwirani, mundikhululukire, wapereka mpeni kwa winayo, atha kukana. Kumeneko ndiye kulemera, kudziika poti akhoza kukukana.

Mukamva pepani, dikirani mneni. Akabwera wa -ika, zalakwika, zasokonekera, zavuta, mafayilo asowa, dziwani kuti mwapatsidwa chipepeso cha pamaliro. Ine chaka chatha ndinayenda maulendo 4 ku ofesi ina mu tauni muno kutsatira pepala limodzi, ulendo uliwonse minibasi ziwiri kupita ziwiri kubwera, ndipo ulendo uliwonse bambo wa pa kauntala amandilandira mwaulemu kwabasi, pepani kwambiri bwana, pepani zedi, zinthu zinangosokonekera pang'ono. Mapepani ake ndikanawasonkhanitsa akanadzaza thumba la feteleza. Ulendo wachinayi mtsikana wina wachichepere pa desiki ya pambali ndi amene anati, bambo fomu yanu ndinaiika mu fayilo ya anthu ena ndine, ndalakwitsa, dikirani mphindi khumi. Sananene pepani ngakhale mmodzi koma ndinatuluka mtima uli mmalo, pepala lili mmanja. Akulu aja anati pepani sapoletsa chilonda ndikhulupirira amanena za pepani wa bambo wa pa kauntala uja.

Msampha wina ndi ngati. Pepani ngati ndakulakwirani. Ngati pali amene ndinamukhumudwitsa andikhululukire. Timaimva kumapeto kwa misonkhano ya mpingo, pa maukwati, wapampando akamatula udindo, ndipo pamenepo ilibe vuto chifukwa palibedi mlandu wodziwika, ndi kusesa pabwalo chabe. Koma pomwe mlandu ukudziwika, ngati ameneyu amabweza katundu kwa wolakwiridwa, kuti iyeyo ndiye atsimikize kuti anapwetekadi. Dziko lino tinaionapo pa mlingo waukulu. Mu Januwale 1996, khoti litangowapeza osalakwa pa mlandu wa imfa ya Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga amene anaphedwa ku Mwanza mu 1983, Kamuzu Banda anatulutsa uthenga wopepesa mtundu wa Amalawi. Koma unamangidwa pa ngati, kuti ngati pali amene anamva zowawa kudzera mwa anthu amene amagwira ntchito mu boma lake, kapena onamizira dzina lake, kapena mwa iye mosadziwa, ndiye akupepesa. Mpaka lero anthu amagawanika, ena amati nkhalamba inadzichepetsa, ena amene abale awo anakhala ku Mikuyu amati ngati uja anachotsa mchere wonse. Ine sindikuweruza mlandu wa 1996 pano, ndikungoti taonani mmene kaliu kamodzi kamasinthira sikelo.

Ku Australia nkhondo yake inali ya liu limodzi lomwelo. Boma kumeneko kwa zaka zambiri linkalanda ana a eni nthaka kwa makolo awo, ndipo lipoti litatuluka mu 1997 anthu anafuna kuti boma linene sole. Nduna yaikulu John Howard anakana, mu 1999 nyumba ya malamulo inangovomereza mau odandaula kuti zinachitika, aja ofanana ndi ndife okhudzidwa amene timawamva pa wailesi kuno. Sole weniweni anadzanenedwa ndi nduna yaikulu yotsatira, Kevin Rudd, pa 13 Febuluwale 2008, anthu akulira panja. Zaka zonsezo kulimbana kuti munthu achoke pa zalakwika afike pa takulakwirani. Ndiye wina asakuuzeni kuti ndi mau chabe.

Achijapani ndiye amandisangalatsa chifukwa masitepe awo anachita kuwapatsa mau osiyana. Sumimaseni ndi wa tsiku ndi tsiku, amaitanira woperekera zakudya, amapepesera kugunda munthu, amathokozeranso munthu amene wavutika chifukwa cha iwe, ndipo tanthauzo lake lenileni ndi loti sizinathe, ngati kuti ngongole ikadalipo. Akufanana ndi zikomo wathu amene timathokozera komanso kupemphera njira pakati pa anthu. Koma mlandu ukakula, bwana wa kampani akaima pamaso pa atolankhani nkuwerama, amati moshiwake arimaseni, kutanthauza kuti ndilibe chodzikanira. Taonani kusiyana kwake, maibadi akuti nkhani yatha, sumimaseni akuti nkhani sinathe. Ndipo pa K45,000 ija nkhani inali isanathe, agogo anali asanagule mankhwala.

Pali amene anganditsutse, ndipo achemwali anga ndi mmodzi, iwo amati inu mukuchulutsa gaga mdiwa, mwana anavomera, anaika ndi timanja topempha, ana a masiku ano amalankhula choncho ndipo kumukakamiza kugwada ndi kungofuna ulemu wa chikale, kodi kugwada kubweza ndalama? Mbali ina akunena zoona. Ndaonapo anthu ogwada bwino kwambiri amene mawa lake amabwereza zomwezo, amuna ena amachita kudziwa mtengo wa nkhuku ya kwa ankhoswe ngati msonkho. Thupi nalo limanama. Koma chimene achemwali sakuona nchakuti nkhani si Chingerezi kapena Chichewa, chikale kapena chamakono. Mwanayo akanalemba pepa basi, wopanda -ni, achimwene akanapsa mtima chimodzimodzi kapena kuposa. Kupepesa kumayenera kumutayitsa munthu kenakake kofanana ndi chimene winayo wataya, kaya ndi nthawi, kaya ndi manyazi, kaya ndi ndalama. Mau otaipa ndi chala chimodzi uli pa kabaza sanamutayitse kanthu mnyamatayo, ndipo malume ake anamva zimenezo ngakhale Chingerezicho sanachimve.

Tinakonza chonchi. Ndinamuitana mnyamatayo kwathu ku Ndirande Lachisanu madzulo, ndinamufunsa kuti ukuganiza kuti amalume ako akwiya ndi chani, iye akuti ndi dola. Ndinati ayi, dola akanakwiya nayo tsiku limodzi, akwiya chifukwa anachita kukufunsa okha, iwe risiti unali nayo mthumba kuyambira 10 koloko mmawa osaiona, ndipo utaona unayankha ngati wataya chipisi. Anakhala chete, kenako akuti ndiye ndilembe meseji yaitali? Ndinati foni isiye.

Loweruka mmawa tinakwera ya ku Chilomoni atatu, ine, iye ndi amayi ake, chifukwa kwathu kuno mlandu ukakula supita wekha, pamafunika wina woti akakuyambire mau komanso akhale mboni. Tinafika, odi, tinalandiridwa, alamu anatipatsa mipando pakhonde koma mnyamatayo ndinamutsina kuti akhale pansi pa simenti. Moni anatenga nthawi yake yonse, za mvula, za mwendo wa agogo, za magetsi, achimwene osamuyang'ana nkomwe mwanayo. Kenako ndinati achimwene, tabwera ndi mwana wanuyu ali ndi mau. Ndinati wanu dala.

Tinali titagwirizana zinthu zochepa. Asayambe ndi pepani, ayambe ndi chimene anachita, ndipo aneni onse akhale a ndi-. Asatchule ajenti, asatchule netiweki, asatchule anzake amene amamusokoneza, ngakhale zonsezo zinalipodi. Liu loti koma lisatuluke. Ndiye anati, mau akunjenjemera, amalume ndinatumiza ndalama ya agogo pa nambala yolakwika chifukwa sindinawerenge dzina, ndipo nditadziwa ndinakuyankhani mwachibwana pa foni, ndakulakwirani inu ndi agogo, mundikhululukire. Anapitiriza kuti pa ganyu yake ya kukonza mafoni azipereka K15,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 3, ndipo yoyambayo anaitulutsa pomwepo, nkuipereka ndi manja awiri. Pepani anabwera kumapeto kwenikweni, kamodzi kokha, ndipo pamenepo anamveka wolemera chifukwa anali atakhala pamwamba pa zinthu.

Achimwene sanayankhe msanga, ndipo kachetechete ameneyo ndi gawo la mwambo, wopepesa amayenera kumupirira osamudzaza ndi mau ena. Anamusiya mwina mphindi ziwiri zathunthu, nkhuku zikungodutsa pabwalo. Kenako anamukalipira bwinobwino, za kusasamala, za mafoni, za mmene iwo ankayendera wapansi kukapereka ndalama kumudzi pamanja, mnyamata ali zyoli. Atatopa anati zamveka, dzuka ukhale pa mpando. Sananene kuti ndakukhululukira, achikulire ambiri satero, chizindikiro chake ndi mpando uja komanso kuti alamu anatulutsa tiyi ndi mbatata ndipo kapu ya mwanayo inalipo. Ndalama ija anaiwerenga, nkumubwezera K5,000 kuti ya thiransipoti, zimene achemwali mpaka pano akuti zikusonyeza kuti nkhani yonse inali ya ulemu basi osati ndalama, ine nkumati eya, ndi zimene ndimanena kuyambira pachiyambi, tikugwirizana koma mokangana.

Pobwerera mu minibasi, titadutsa pa Kandodo Corner, mnyamata wina wa yunifolomu pokwera anamuponda phazi mwana wa achemwali, nsapato yoyera imene amaisamala kuposa moyo wake. Wopondayo anati maibadi mani, uyu anangoti bho bho, nkupukuta ndi dzanja. K15,000 yachiwiri ikuyenera kupita ku Chilomoni pa 30, ndipo achimwene anena kale kuti asatumize pa foni, abwere nayo yekha.